Sola ya magetsi a m'nyumba: kalumikizidwe kake ndi mmene mungaisamalire kuti batire isafe msanga

Anthu ambiri akagula sola miyezi yoyamba zimakhala bwinobwino, mababu amayaka mpaka anthu kugona, mafoni akutchajidwa, wailesi ikulira. Kenako pakapita miyezi ingapo mababu amayamba kuzima 8 koloko ana asanamalize ndi kuwerenga komwe, nde munthu amati anandigulitsa panelo yabodza. Nthawi zambiri panelo imakhala ilibe vuto, panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposa. Chomwe chimafa ndi batire, ndipo imafa chifukwa cha kalumikizidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka tsiku ndi tsiku. Zomwe ndalemba apazi ndi za sola yaing'ono ya 12V, ija mumagula zidutswa padera kenako nkulumikiza nokha kapena ndi mnzanu. Ngati yanu ndi ija ya kabokosi kotseka yolipira pang'onopang'ono pa foni, musamasule kabokosiko olo pang'ono, inuyo werengani za poika panelo ndi za kasamalidwe basi, zinazo ndi za amene anakugulitsani.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

Chitsanzo chomwe tiyende nacho mpaka kumapeto ndi cha nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, pabalaza ndi khonde.

- Panelo yolembedwa 50W
- Batire ya sola yolembedwa 12V 40Ah, osati ya galimoto
- Kontirola ya 10A, ena amati leguleta, kabokosi kaja kokhala ndi timabowo 6 tomangira mawaya
- Mababu 4 olembedwa LED 12V 3W, ndi zomangiramo zake ndi maswichi
- Waya wonenepa wa 2.5mm wa panelo ndi batire, wa 1.5mm wa mababu, wofiira ndi wakuda
- Fyuzi ya 10A ndi kachosungira kake
- Sikuludiraiva, pulayasi, tepi yakuda yomatira mawaya, timisomali togwiritsa waya kukhoma
- Matabwa kapena zitsulo zopangira poikapo panelo
- Kabokosi ka matabwa ka batire koboolaboola m'mbali
- Chiguduli kapena katoni yophimbira panelo

Pogula babu werengani pa paketi. Babu la magetsi a ESCOM ndi la 230V, pa sola ya 12V siliyaka, nde musalole wogulitsa akuuzeni kuti ndi zimodzimodzi.

Kuika panelo

1. Pezani kumpoto. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi nde dzuwa, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, limadutsa chakumpoto kwathu. Imani m'mawa kuyang'ana komwe dzuwa likutulukira, kumene kuli dzanja lanu lamanzere ndiye kumpoto. Galasi la panelo liyang'ane kumeneko.

2. Ipendekeni pang'ono, madigiri ngati 15. Simukufunika chipangizo choyezera, yezani kutalika kwa panelo ndi chingwe, chipindeni kuti chikhale magawo anayi ofanana, gawo limodzi mwa anayiwo ndi mmene mukwezere mbali ya kummwera. Chenjezo apa, musaigoneke chathyathyathya olo dzuwa lizioneka kuti lili pamutu, panelo yogona imasunga fumbi ndi madzi, pomwe yopendekeka mvula ikagwa imadzitsuka yokha.

3. Onetsetsani kuti palibe mthunzi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Apa ndi pomwe ambiri amalakwa chifukwa amaona kuti mthunzi wa nthambi ya mango kapena wa eriyo ya wailesi wangogwira kakona kamodzi nde amati zilibe kanthu. Timabokosi tija mumationa pa galasi tinalumikizidwa mondondozana, kamodzi kakaphimbika kamatsekereza anzake onse a mumzere wake ndipo moto umatsika kwambiri kuposa kukula kwa mthunziwo. Tsiku limodzi kayang'aneni katatu, m'mawa, masana ndi chakumadzulo, musanakhome chilichonse. Ndipo kumbukirani kuti mthunzi umasuntha ndi nyengo, malo omwe ali bwino mu Okutobala atha kukhala mu mthunzi mu Juni dzuwa likatsikira kumpoto.

4. Siyani mpata pakati pa panelo ndi malata, wokwana dzanja kulowa, masentimita ngati 10. Panelo imafuna kuwala osati kutentha, ikapsa ndi malata otentha a mu Okutobala imapereka moto wochepa. Imangeni ndi mabawuti, zoipanikiza ndi njerwa ayi, mphepo ya mvula zoyamba imaiwulutsa. Ngati denga ndi la udzu zikani mtengo wolimba kapena paipi pafupi ndi nyumba muiike pamwamba pake.

5. Mukamaliza iphimbeni ndi katoni ija. Ikhale yophimba mpaka titafika polumikiza, chifukwa panelo ikangoona kuwala yayamba kale kutulutsa moto.

Malo a batire ndi kontirola

6. Batire ikhale m'kabokosi kake, pamalo pozizira podutsa mphepo, pomwe ana sangafike. Isakhale kukhitchini, pafupi ndi mbaula, koloboyi kapena kandulo, komanso isakhale kuchipinda chogona. Batire ya asidi ikamatchaja imatulutsa mpweya wosaoneka womwe umayaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri. Pamwamba pa batire sipoika makiyi, sipuni kapena mpeni, chitsulo chikagunda mitu yonse iwiri nthawi imodzi chimapsa mpaka kufiira ndipo batire itha kuphulika. Pogwira ntchito vulani mphete ndi wotchi yachitsulo.

7. Khomani kontirola kukhoma pafupi ndi batire, mtunda wa mita imodzi kapena kuchepera, pomwe mungamaone timagetsi take mosavuta. Isakhale pamwamba penipeni pa batire chifukwa mpweya wa asidi umadya zitsulo zake. Waya wochokera ku panelo nawonso ukhale waufupi mmene mungathere. Moto wa 12V umathera m'njira waya ukatalika kapena ukakhala woonda, nde mawaya aja a sipika kapena a foni zakale sangagwire ntchito iyi.

Kulumikiza mawaya, ndondomeko yake musaisinthe

Pa kontirola pali zithunzi zitatu, cha panelo, cha batire ndi cha babu, chilichonse chili ndi + ndi -. Waya wofiira ndi wa +, wakuda ndi wa -, paliponse m'nyumba monse. Ngati mwagula waya wa mtundu umodzi mangani mfundo kapena kulungani tepi kumapeto onse awiri a waya wa + musanaukoke.

8. Yambani ndi batire. Ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi kwambiri ndi mutu wa + wa batire, koma kafyuzi kenikeniko musakalowetse kaye. Mangani mawaya onse awiri ku kontirola pa chithunzi cha batire, kenako ku mitu ya batire, muonenso kawiri kuti wofiira ali pa + mbali zonse, ndiye lowetsani fyuzi. Kontirola iyatse kagetsi kapena ionetse manambala. Ikapanda kuyaka imani pomwepo, musapitilire, mwina mwatembenuza mawaya kapena fyuzi yapsa.

Chifukwa choyambira ndi batire ndi ichi, kontirola imadzuka ndi moto wa batire ndipo ndi pomwe imadziwira kuti ikugwira ntchito ndi 12V kapena 24V. Panelo ya 50W pa dzuwa isanalumikizidwe imatulutsa mavoti opitirira 20, nde ikayamba kulowa iyo kontirola imasokonezeka, ina imapseratu.

9. Kachiwiri panelo. Ikadali yophimba mangani mawaya ake pa chithunzi cha panelo, kenako kachotseni katoni. Kagetsi kosonyeza kutchaja kayake kapena muone kamuvi kakuyenda kuchokera ku panelo kupita ku batire.

10. Kumapeto mababu. Maswichi onse akhale ozima, mangani waya wa mababu pa chithunzi cha babu, pena pamalembedwa LOAD. Babu lililonse litenge + ndi - yake kuchokera pa waya waukulu, swichi ikhale pa waya wofiira. Yatsani limodzi limodzi. Lina likakana kuyaka musafulumire kunena kuti lafa, mababu ambiri a 12V samayaka mawaya akatembenuzidwa, sinthanitsani muone.

11. Kokani waya uliwonse pang'ono ndi chala. Ukasololoka kapena kugwedera mangitsaninso. Waya womasuka umatentha, umasungunula pulasitiki ya kontirola ndipo pa nyumba ya udzu umenewo ndi moto. Pomwe mwalumikiza mawaya awiri potani mwamphamvu nkumata tepi, zokulunga ndi jumbo ayi.

Tsiku lomwe mudzafune kumasula, kaya mukusamuka kaya mukusintha batire, mudzayambire kumapeto, mababu, kenako panelo, batire pomaliza.

12. Ikatha ntchito isiyeni itchaje tsiku lonse ladzuwa, bola masiku awiri, musanayambe kuyatsa usiku. Ndikudziwa kuti aliyense m'nyumba amafuna aone kuwala tsiku lomwelo koma batire imakhala yakhalitsa mu shopu ndipo siyodzaza, kuiyamba ndi njala kumaifupikitsa moyo.

Sola yanu ingakwanitse zingati pa tsiku

Apa nde pagona nkhani yonse, werengani modekha. Batire ili ngati mtsuko wa madzi, panelo imathiramo masana inu nkumatunga usiku, nde mukamatunga zambiri kuposa zomwe zathiridwa tsiku lililonse mtsuko umangotsikabe mpaka kuuma.

Kuwerengera kwake ndi kutenga mawati olembedwa pa chipangizo kuchulukitsa ndi maola omwe chimayaka. Tiyeni tione nyumba yathu ija. Mababu 4 a mawati 3 ndi mawati 12, akayaka maola 5 kuyambira 6 koloko mpaka 11 koloko atenga 60. Foni ya tachi kuitchaja kuchokera pansi imatenga 10 mpaka 15, tinene mafoni awiri atenga 25. Kawailesi ka mawati 5 kakalira maola 3 katenga 15. Zonse pamodzi 100 pa tsiku.

Tsopano zolowa. Kuno kwathu tsiku labwino dzuwa lamphamvu timaliwerengera maola ngati 5, nde 50 kuchulukitsa ndi 5 ndi 250, koma si zonse zimafika mu batire, zina zimatayika ndi kutentha, mawaya ndi kutchajako. Bola muwerengere 175. Zolowa 175, zotuluka 100, zili bwino, batire izidzaza tsiku lililonse ndipo itha kukhala zaka zingapo.

Kenako bambo abweretsa kanema wa mawati 30 woti azionera mpira ndi nkhani maola 4. Imeneyo ndi 120 yowonjezera, zotuluka zafika 220 pomwe zolowa zikadali 175. Tsiku loyamba simuona vuto lililonse, lachiwiri chimodzimodzi, chifukwa batire ya 40Ah imasunga pafupifupi 480, ndiye kuti 12V kuchulukitsa ndi 40. Koma tsiku lililonse ikuperewera 45, nde sabata isanathe yadutsa theka ndipo siyikudzazanso. Batire ya asidi imafuna muzitungamo theka lokha, apa ndi 240, komanso izidzaza kawirikawiri. Ikamakhala masabata osadzaza, timapuleti ta mkati mwake timachita zokakamira zoyera zomwe sizichokanso, kuyambira pamenepo imaoneka ngati yadzaza msanga masana koma usiku ola limodzi kapena awiri yatha. Batire ikafika apo palibe mankhwala, olo muithire asidi watsopano siyibwerera mwakale. Nde ngati mukufuna kanema, onjezani panelo ndi batire kaye, kapena muchepetse maola.

Masiku a mitambo mu Januwale ndi Febuluwale, kapena chiperoni ikagwa kwa a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, panelo imapereka mwina gawo limodzi mwa atatu kapena kuchepera apo. Masiku amenewo yatsani mababu awiri okha, kanema apume, mafoni tchajani masana dzuwa likangotuluka.

Kumva zomwe kontirola ikunena

Ngati yanu ili ndi manambala, iwerengeni m'mamawa dzuwa lisanatuluke mababu atazima kwa kanthawi, kapena madzulo dzuwa litalowa musanayatse. Ikamaonetsa 12.6V kapena 12.7V batire ndi yodzaza. Pa 12.2V ili pa theka, ndi pomwe muyenera kusiyira. Ikafika pansi pa 12.0V mwaipitirira muyeso. Masana ikamatchaja mudzaona 13 mpaka 14.4V, musaope komanso musasangalale, nambala ya masana siyikuuzani zomwe zili mu batire. Manambalawa ndi a batire ya asidi ndi ija yotseka ya jelo, ya lifiyamu imawerengedwa mosiyana, tsatirani kapepala kake. Kontirola za timagetsi zambiri zimaonetsa kobiriwira zikakhala bwino ndi kofiira batire ikatsika.

Mababu akazima okha usiku kagetsi kofiira kakuyaka, sola siyinawonongeke. Kontirola yadula dala, nthawi zambiri chapa mavoti 11, kuti ipulumutse batire. Chochita ndi kuzimitsa maswichi onse, kugona, mawa nkuisiya itchaje, ndipo usiku wotsatira muyatse zochepa. Chomwe simuyenera kuchita, ndipo ndikupemphani ndithu, ndi kuchotsa mawaya a mababu nkukawagwiritsa ku mitu ya batire mwachindunji. Mababu ayakadi inde, koma mukufinya batire mpaka kuuma, ndipo kachitidwe kameneka nkomwe kamapha mabatire ambiri m'makomomu.

Kasamalidwe

Sabata iliyonse, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa pomwe fumbi ndi utsi wa tchire zimachuluka, pukutani panelo ndi kansalu kofewa ndi madzi oyera. Chitani m'mamawa kapena madzulo galasi litazizira, madzi ozizira pa galasi lotentha atha kuliswa. Sopo, mchenga ndi sitilu wulu ayi. Zitosi za mbalame zichotseni tsiku lomwelo chifukwa zimachita ngati mthunzi uja.

Mwezi uliwonse yang'anani mitu ya batire. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwirako, masulani motsata ndondomeko ija, tsukani ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wa therere, osalola madziwo kulowa mkati mwa batire, pukutani, mangitsani nkupaka girisi pang'ono. Ngati batire yanu ili ndi zitsekero zomasula, suzumirani muone ngati madzi aphimba timapuleti. Akatsika onjezerani madzi a batire ogula m'botolo pa malo omwetsera mafuta kapena m'mashopu a zida za galimoto, mpaka pa mzere osadzadza thoo. Madzi a pa mjigo, a pachitsime kapena a pampopi ali ndi mchere womwe umawononga, ndipo asidi simuwonjezera chifukwa chomwe chimauma ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Batire yotseka siyithiridwa kanthu, musaiboole. Asidi akakudontherani pakhungu tsukani ndi madzi ambiri, akalowa m'maso tsukani kwa mphindi 15 kenako thamangirani kuchipatala.

Zikavuta yambirani apa

Babu limodzi lokha lazima, ena akuyaka: lisinthanitseni ndi lina lomwe likuyaka. Likayaka kwinako vuto ndi swichi kapena waya wa chipindacho, makoswe amakonda kudya mawaya a kudenga.

Zonse zazima ndi kontirola yomwe: onani fyuzi ndi mitu ya batire. Fyuzi ikapsa ikani ina ya 10A yomweyo, ikapsanso nthawi yomweyo pali pomwe waya wofiira ndi wakuda akugundana, pezani pamenepo kaye.

Dzuwa likuswa mtengo koma kagetsi kotchaja sikakuyaka: londolani waya kuchokera ku panelo mpaka ku kontirola, nthawi zambiri umakhala wadulidwa ndi mphepete mwa lata kapena wamasuka kumbuyo kwa panelo.

Ikudzaza msanga nkuthanso msanga: batire yatopa. Koma musanagule ina pukutani panelo, onani mthunzi, muipatse masiku awiri a dzuwa osayatsa kalikonse. Ikapanda kusintha ndiye kagulenidi, ndipo yakaleyo musaitaye kudzala kapena kuipatsa ana, muli mtovu ndi asidi, kaiperekeni kwa ogula mabatire akutha.

Batire ikutentha, yatupa kapena ikununkha ngati dzira lowola: tsegulani mawindo, musayatse machesi, phimbani panelo kapena chotsani waya wake, itanani wodziwa za magetsi.

Zomwe ambiri amalakwitsa

Kulumikiza panelo ku batire popanda kontirola pofuna kupulumutsa ndalama. Masana batire imabwata mpaka madzi kuuma, usiku palibe choiletsa kutha yonse, nde ndalama ya kontirola yomwe munaisunga mumakaiwonjezera kangapo pogula batire ina.

Kugula batire ya galimoto chifukwa ndi yotchipa. Inapangidwa kuti ipereke moto wambiri kwa masekondi ochepa poliza injini kenako nkudzazidwa pompo, zotungidwa usiku wonse tsiku ndi tsiku siyipirira.

Kumanga invata, kabokosi kosintha moto wa 12V kukhala wa 230V ngati wa ESCOM, pa timabowo ta mababu. Invata imakoka moto wambiri kuposa mphamvu ya kontirola ya 10A nde imaiwotcha. Imalumikizidwa ku batire ndi fyuzi yakeyake, koma dziwani kuti pamenepo kontirola siyingatetezenso batire, ndipo invata imadya moto olo musanalumikizeko kanthu, nde izimitseni mukamaliza. Pa sola ya 50W ngati iyi ine ndingati isiyeni, foni tchajani pa kabowo ka USB ka pa kontirola. Ayironi, ketulo, hotipuleti ndi filiji zisayandikire nkomwe, ketulo yokha imafuna mawati 1,000 kapena kuposa.

Kuphatikiza batire yakale ndi yatsopano. Yakaleyo imakoka yatsopano mpaka zonse zifanane kufooka.

Kumanga fyuzi yopsa ndi kawaya kapena kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya. Fyuzi ntchito yake ndi kupsa iyoyo kuti waya asapse, mukaitseka chonchi tsiku la shoti chomwe chidzayake ndi waya wa kudenga.

Kubwereketsa batire ku ukwati kapena ku msonkhano kukalizira zoyimbira. Imabwerako itatheratu, pena nkukhala masiku isanabwezedwe. Zikachitika ilumikizeni tsiku lomwelo, musayatse kanthu mpaka m'mamawa muone 12.6V, ndipo mukamachotsa batire musasiye panelo ili yolumikiza ku kontirola yokha, masulani waya wake kaye.